Velo ya Achemwali

Ndili ndi kasitudiyo ka zithunzi pa Kamwendo. Tsiku lina la msika, achemwali anga aakulu anabwera ndi chithunzi cha ukwati wawo, chojambulidwa kutsogolo kwa chigafa cha fodya kwathu kwa Mavwere.

"Achimwene, muchotse chigafachi, muikepo maluwa," anatero, n'kukhala pambali panga ngati kapitawo.

Diresi sinandivute, koma velo. Nsalu yake ndi yoonekera, ndiye nditaidula motsata m'mphepete pakompyuta, fodya anatsalira m'kati mwake. Nditayesa kufufuta fodyayo, velo inapita naye limodzi, achemwali n'kutsala mutu pamtunda. Anandiyang'ana ngati ndawang'ambira velo yeniyeniyo.

Ndinabweza zonse n'kuyambanso ndi chida cha pakompyuta chotchedwa masiki. Pamenepo ukapaka chakuda chinthu chimabisika, ukapaka choyera chimaoneka, koma velo imafuna chotuwa, chapakatikati. Ndinapaka pang'onopang'ono, kusiya mopindika ndi m'mphepete moyererapo, kenaka n'kuchotsa kufiirira kwa fodya. Maluwa anayamba kuonekera kuseri kwa nsaluyo.

Chapaphewa panatsala kachinthu kakuda. Nditasendezapo burashi, achemwali anandigwira mkono.

"Takulitsani kaye pamenepo."

Zinali zala zinayi kuseri kwa velo. Achemwali anakumbukira kuti malemu amayi athu anali atabisala kumbuyo kwa mkwatibwi, kuigwirira kuti mphepo isaiulutse. Iwo kujambulidwa ankakukana moyo wawo wonse, moti chithunzi chawo tinalibe.

Kenaka achemwali anati, "Chigafa chipite. Dzanjalo musalikhudze."