Maiki Itazima ku Tottenham

Zaka zimenezo, Amalawi a ku London akakhala ndi ukwati kapena phwando la munthu amene wamaliza maphunziro, maiki ankandipatsa ine. Sikuti ndinapita kusukulu ya zimenezi. Ine ndine namwino, kungoti pakamwa ndi pamene Mulungu anandipatsa mosaumira. Anzanga ankati ndikanakhala wailesi bwenzi akundichotsa mabatire kuti agone.

Zochepa zimene ndinkadziwa anandiphunzitsa ndi mkulu wina wa mpingo wathu ku Tottenham, bambo amene kumudzi anali mphunzitsi wamkulu. Ankati chinthu chikalakwika pagulu, anthu amayamba ayang'ana nkhope yako kuti adziwe ngati zavutadi. Ukaiwala mawu, bwerera pa chiganizo chimene wangomaliza, otsatirawo abwera okha. Ukaphonya dzina la munthu, likonze kamodzi n'kupitiriza, osapepesa mpaka mwini dzina kuchita manyazi. Maiki ikazima usaimenye, usaiuzire mpweya, usayang'ane wa zingwe ngati wakubera. Iike pansi, yandikira anthu, kweza mawu. Malangizo amenewa anandipulumutsa m'maukwati ambiri. Pamaliro ndinali ndisanaimepo.

Mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi titangofika kumene m'dziko muno anamwalira nthawi yozizira, atadwala masabata ochepa. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Uthenga unandipeza ndili pa shifiti, ndipo ndinamaliza kugawa mankhwala, kusamba m'manja, n'kukwera sitima kupita kunyumba. Sindinalire tsiku limenelo kapena mawa lake. Ndinali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, woti ukautsina sumva kanthu. Anthu ankati ndine wolimba mtima. Sikunali kulimba, linali dzanzi chabe.

Malemuyo anasiya mwamuna, Mzambia wa ku Lusaka amene ankayendetsa basi. Anakwatirana ku ofesi ya boma, mboni zake ine ndi mnzake wa mwamunayo, kenako tinakadya nkhuku ndi tchipisi. Ankhoswe panalibe, ndipo kumudzi kwa mkazi sikunapite munthu aliyense kukaonekera. Mayi ake a malemu nkhaniyi sanaikhululuke. Ankati, "Ine mwana wanga sanakwatiwe. Anabwera ndani pakhomo pano?" Mwana wawo akaimba foni n'kufuna kupatsira mwamuna wake kuti apereke moni, iwo ankati akukaona mbuzi.

Thupi linkanyamuka Lolemba kupita kumudzi, koma mwamunayo sakanatha kuliperekeza chifukwa pasipoti yake inali ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka ku Croydon, kudikira yankho. Mkulu wa mpingo uja analankhula ndi mayiwo pa foni kangapo. Pomaliza iwo anati ngati anthu a mpingo amene ankaona banjalo angaimirire pagulu n'kunena kuti ameneyu analidi mwamuna wa mwana wawo, ndipo iwo n'kumva okha ndi makutu awo, ndiye kuti aona chochita. Sanalonjeze chilichonse. Mwambo wotsanzika unali Loweruka masana, ndipo wonena mawu amenewo ndinali ine, pomuitana mwamunayo kuti alankhule.

Holo yake inali ija ya pamwamba pa sitolo ya zakudya, imene tinkasinthana ndi mipingo ina. Mkati munkamveka fungo la majekete onyowa. Soketi ya kutsogolo inali yakufa kuyambira kale, ndiye sipika tinaiika kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Namwino wina wachikulire, amene tonse tinkamutchula kuti anti, anagula khadi loimbira foni kunja kwa dziko pasitolo yapansi. Dongosolo linali loti aimbire mphunzitsi wa m'mudzi wa malemu amene anali ndi foni ya m'manja, mphunzitsiyo n'kuwapatsira mayi aja. Anti anaika foni pampando, moyang'anizana ndi sipika, n'kukhala pambali pake. Khadi lija silikanakwanira mwambo wonse, choncho tinagwirizana kuti aimbe pokhapokha nthawi ya achibale ikakwana.

Nthawiyo itakwana, anti anakweza dzanja kusonyeza kuti foni yalowa. Ndinaimirira ndi maiki yopanda chingwe ija. Ndinalonjera abusa, akulu ampingo, ndi amayi amene anali kumvetsera kumudzi. Mawu anga ndinkawamva akutulukira kumbuyo kwa holo ngati a munthu wina. Ndinati, "Tsopano tiitane munthu amene tonse tikumudziwa, amene anakhala pambali pa mlongo wathu kuchipatala mpaka..."

Mawu anayamba kudukaduka, kenako zii. Ndinayang'ana maiki ija. Kanyali kake kanathwanima kofiira, n'kuzimiratu. Batire linali litatha, ndipo ndinkadziwa kuti lina palibe, chifukwa pa ukwati wa mwezi wathawo ndine ndinatenga lomaliza m'kabati.

Sindinachite mantha, poti mantha amafuna munthu amene akumva kanthu. Manja anachita okha zimene anaphunzitsidwa. Ndinaika maiki patebulo pafupi ndi chithunzi cha malemu, ndinatsika pa kansanja, n'kuima pakati pa mipando yakutsogolo. Ndinabwerera pachiyambi pa chiganizo chija, mokweza, mwapang'onopang'ono, mpaka kufika pamawu akuti mwamuna wa malemu, mkamwini wa m'banjamo. Ndinatchula dzina lake lonse. Anthu anavomera chapansipansi. Mkulu uja anagwedeza mutu ngati mmene amachitira mphunzitsi mwana akakhoza.

Mwamunayo anaimirira. Suti yake inali itamukulira. Anapinda manja kumbuyo n'kuyamba.

"Ine nilibe vambili vokamba. Mukazi wanga anali muntu wabwino maningi."

Ndikubwerera pampando wanga ndinaona anti kumbuyo kuja. Anali ataimirira, foni ili kukhutu, dzanja lina akulozera sipika n'kumapukusa mutu. Apo m'pamene ndinazindikira. Holo yonse inali itandimva, koma foni inali kutali, pafupi ndi sipika yosalankhula, chitseko ndi phokoso la mabasi a mumsewu. Munthu mmodzi amene mawuwo ankawafuna anangomva mpaka pa "kuchipatala", basi. Ndinali nditakonzera anthu amene ankadziwa kale.

Kumudula mawu munthu wofedwa n'kosayenera, ndipo kudikira kuti amalize kukanadya khadi lonse. Ndinaima pakati pa kanjira ka mipando, osapita kutsogolo, osabwerera. M'mutu munalibe chilichonse. Mwamwayi, mwamunayo anafika potchula za tiyi amene mkazi wake ankamuikira m'fulasiki m'mamawa, ndipo mawu anamukanika.

Kwathu munthu akatsamwa ndi chisoni pamaliro sasiyidwa yekha pamaso pa anthu, amayi amayambitsa nyimbo kuti apume. Ndinayambitsa ndine. Mawu anga oimbira ndi oipa, aliyense amadziwa, ndipo ndinaiyamba pamwamba kwambiri. Amayi a kwaya anailanda msanga n'kuitsitsa. Nyimbo ili mkati ndinapita kumbuyo, anti n'kundipatsa foni.

"Akuti sakumva kanthu," anandinong'oneza. "Changu, mwana wanga, khadi likutha. Ka mzungu kolankhula m'foni kaja kanena kale one minute."

Ndinanyamula foni ija kupita nayo kutsogolo. Ndime itatha ndinakweza dzanja, kwaya n'kusiya. Ndinaima pambali pa mwamunayo, foni ndili nayo pafupi ndi pakamwa, ndipo sindinafotokoze za batire kapena kupepesa.

"Amayi, maiki inazima, ndibwereza kuti mumve nokha," ndinatero. "Pano paima mwamuna wa mwana wanu. Ukwati wawo ine ndinalipo. Ndi amene ankamusambitsa atadwala, ndipo ndi amene anamutseka maso. Ife a mpingo uno tikumudziwa kuti ndi mkamwini wanu." Ndinatchulanso dzina lake, kenako ndinatembenuzira foni kwa anthu. "Abale, si choncho?"

Holo yonse inayankha kuti ndi choncho. Ena anati ameni.

Ndinaika foni kukhutu. Kunkamveka mphepo, tambala, ndi anthu akulankhula chapatali. Mawu ochokera kumudzi ankachedwa kufika masiku amenewo, ndiye sindinadziwe ngati mayiwo akhala chete kapena ndi foni chabe. Mwamunayo sankandiyang'ana. Ankayang'ana nsapato zake.

"Ali pomwepo?" anafunsa mayiwo.

"Ali pompano, amayi."

"Chimwalirire mwana wangayo, wadyako kanthu?"

Ndinati sindikudziwa.

"Ndiye mukuchita chiyani anthu inu kumeneko? Mumpatse chakudya mkamwini wangayo."

Foni inaduka. Ndinaiyang'ana kanthawi, ngati kuti ingayambirenso yokha. Anthu onse ankadikira, ndipo ntchito yanga inali isanathe. Ndinakweza mawu n'kubwereza zimene mayiwo ananena, osawonjezera, osachotsera. Mwamuna uja anakhala pansi pomwepo, pasimenti, osati pampando, n'kuphimba nkhope ndi manja. Analira mokweza, ndipo amuna awiri anapita kukamugwira m'mapewa.

Ine ndinapitiriza mwambo. Ndinaitana abusa, ndinalengeza za galimoto zopita kubwalo la ndege Lolemba, ndinapempha anthu kuti asanjike mipando asanatuluke chifukwa mpingo wina unkalowa madzulo. Ndinabweza maiki m'kabati n'kuuza mkulu uja kuti tigule mabatire. M'kati mwanga munali mudakali zii.

Kukhitchini amayi anali atakonza mpunga ndi nyama. Ndinatenga mbale, n'kuika chakudya, n'kupita nacho kwa mwamunayo. Anali atakhala pakona, jekete ili pamwendo.

"Sisi, sinifuna," anatero.

"Si ine ndikukupatsani, alamu," ndinamuyankha. "Atuma ndi apongozi anu."

Anailandira ndi manja awiri. Ndinakhala pampando woyandikana naye n'kumamuyang'ana akudya pang'onopang'ono. Ndinaganiza zoti ndikafika kunyumba ndimuimbire mnzanga uja, ndimuuze kuti mayi ake avomera, poti anadikira zimenezi zaka zonsezo. Dzanja linali litafika kale m'chikwama, pa foni, ndisanakumbukire kuti ndikuimbira ndani.