Ufa wa Mayi Doris Suchiza Shuga

Pa Uliwa, m'boma la Karonga, palibe amene amamudziwa Doris ndi dzina la bambo ake. Onse amangoti mayi wa chammwamba. Anachokera ku Ntcheu zaka khumi ndi zinayi zapitazo, kutsatira mwamuna wake Stanford amene anali mphunzitsi. Stanford atamwalira, abale anamuuza kuti abwerere kumudzi, koma iye anakana. Chitumbuka chake ndi chopindika mpaka lero, komatu pakamwa pake sipaopa munthu.

Ntchito yake ndi yothyola masamba a chammwamba, kuwaumitsa pamthunzi kuti asataye mtundu, kuwasinja, kusefa, n'kulongedza m'timapepala tapulasitiki. Ufawo ankausiya m'golosale ya Manase, m'mphepete mwa msewu waukulu. Shelefu imodzi imeneyo ndiyo inkamudyetsa pamodzi ndi ana ake awiri.

Mwezi wina ufa unayamba kutha ngati mchere. Doris anakondwa, osadziwa kuti walowa m'nkhani. Tsiku lina akubweretsa katoni yatsopano, anapeza mayi wina akumudikira m'golosalemo. Anali Febby, mlimi wa mpunga wa ku Hara, buku la kuchipatala lili m'manja.

"Ndimwe a Doris? Yewo chomene, mama," anatero Febby, mosakaniza ndi Chitumbuka. "Ine ndili ndi shuga na BP. Ndimwe masipuni angati kuti mapiritsi ndileke?"

"Wakuuzani ndani kuti muleke?"

Febby anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi chimene Manase anaika pa WhatsApp. Panali nkhope ya Doris akumwetulira, ufa uli m'manja, ndipo pansi pake panalembedwa kuti: "Ufa wodabwitsa! Umachiza shuga, BP ndi matenda ena makumi anayi. Tsanzikanani ndi mapiritsi!"

Doris anapsa mtima. Mawu ngati amenewo ankawadziwa bwino. Analembedwa pa botolo limene Stanford anagula kwa munthu wina m'basi. Stanford anasiya mapiritsi a BP, ndipo patatha miyezi itatu anagwa kutsogolo kwa ana m'kalasi, choko chili m'manja.

"Amayi, uwu ndi ndiwo, si mankhwala," anatero Doris. "Mapiritsi musasiye. Ngati mukufuna kumadya ufawu, kafunseni kaye kuchipatala."

Febby anakwinya nkhope. Anali atalipira galimoto kudzafuna machiritso, osati ulaliki. Anaponya pakauntala timapaketi tiwiri timene anali atasankha kale, n'kutuluka akung'ung'udza m'Chitumbuka.

Manase anali atamva zonse. Munthuyo ndi wochenjera, wa mtundu uja wogulitsa ambulera m'chilimwe.

"Mama, mukuthamangitsa makasitomala," anatero. "Aliyense pa foni amalemba choncho. Wa mafuta akuti amayeretsa khungu masiku atatu, wa tiyi akuti amasungunula mimba. Ife tilembe kuti ndiwo? Angagule ndani?"

"Matenda makumi anayiwo, a Manase, tanditchulirani khumi okha."

Manase anatchula atatu n'kuyamba kukanda m'mutu.

"Ndani anayeza? Wachira ndani amene adokotala anamuona? Nkhope ili apoyo ndi yanga. Munthu akagwa, maliro ake adzaloza ine."

"Anthu akuyamikira, mama."

"Kuyamikira si umboni. Fufutani."

"Yayi. Shelefu ndi yanga, foni ndi yanga. Mawu akachoka, ufa wanunso uchoke."

Apa Manase ankaganiza kuti wamugwira pakhosi, poti amadziwa kuti mayiyo alibe pena pogulitsira. Ndipo zoona, Doris anachita mantha. Anaganiza za ana, anaganiza za fumbi la kumsewu. Koma anafutukula chitenje pansi, n'kuyamba kutsitsa timapaketi kamodzikamodzi, anthu akuonerera. Atamanga mtolo sanatuluke. Anaima pomwepo mpaka Manase anafufuta chithunzicho iye akuona.

Tsopano mukadutsa pa Uliwa mudzamuona pansi pa mtengo wa mango, ali ndi katebulo kogwedera mwendo umodzi. Pa foni yake ndi pa katoni yoimika patebulopo pali mawu amodzimodzi: "Ufa wa masamba a chammwamba, oumitsidwa pamthunzi. Thirani m'phala kapena m'ndiwo. Si mankhwala. Odwala pitirizani zimene anakuuzani kuchipatala." Anzake amamuseka kuti ndi wamalonda yekha m'Karonga monse amene amanyoza katundu wake. Ogula anachepadi, ndipo masiku ena amaweruka atagulitsa timapaketi titatu.

Lachinayi lina Febby anadutsa pomwepo akuchokera kuchipatala. Anaima, anawerenga katoniyo mpaka pansi, n'kumuyang'ana Doris ndi diso lija la munthu amene sanakhululuke. Pansonga ya chitenje chake panali mfundo, ndipo pepala la mapiritsi linkasuzumira.

Sanagule kanthu, sanapereke ndi moni womwe. Doris anamuperekeza ndi maso mpaka mayiyo anawoloka msewu n'kukwera minibasi ya ku Hara, ndi miyendo yake iwiri.