Kalata ya mtelala

Chaka chomwe mpanda wa kamsika kathu ku Manja unagwa, ine ndinali mlembi wa komiti. Unagwa masana, mvula itangokata, n'kupsinja mtelala wina wachikulire amene ankasokera m'munsi mwake. Anafera pomwepo.

Patatha sabata tinaitanitsa msonkhano m'shedi ya ogulitsa nsomba zouma. Kunja kunali chifunga chotsika m'phiri la Soche, moti nkhope za anthu akumbuyo sizinkaoneka. Mkazi wa malemuyo, mayi wochepa thupi amene makolo ake anachokera ku Mozambiki, anaimirira atavala zakuda.

"Amuna anga analemba kalata kuti mpanda wang'aluka," anatero motsitsa mawu. "Analandira ndani, ndipo anachitapo chiyani?"

Apampando anakhosomola. "Mayi, tonse tili pachisoni. Koma nanga komiti yakale ija? Chimbudzi chitatitimira, alipo anaifunsa?"

Mmodzi wa komiti yakaleyo anadzuka mokalipa, ndipo tinakangana za chimbudzi kwa theka la ola. Zinali zoona kuti chinatitimira, koma mtelala sanafere kuchimbudzi.

Mayi uja anabwereza funso lake, mawu omwewo, osakweza.

Apa achiwiri kwa apampando anaweramira kutsogolo. "Tisabisane. Mpanda umene uja sunagwe wokha. M'mawa wa tsikulo ena anaona kadzidzi atatera pamenepo, dzuwa likuwala."

Wina anati anapezapo ufa wofiira, wina anatchula mkangano wa malo. Anthu anayamba kuyang'anana m'mbali. Ine ndinkalemba zonsezo, ndipo nditabwerera m'masamba anga ndinaona kuti mawu oti "kalata" sakupezekanso kuyambira tsamba lachiwiri. Palibe anakana kuti inalembedwa. Tinangoisiya.

Chonsecho kalatayo ndinailandira ndine. Ndinapatsa apampando, iwo n'kuipinda, n'kuiika m'thumba la jekete.

Lipoti lopita kukhonsolo ndinalembanso ndine. Ndinadzaza masamba ndi kukula kwa mvula ya chaka chimenecho, komanso misika ina ya ku Limbe yomwe mipanda yake inali yoipa kuposa wathu.

Mayi uja anayamba kubwera m'mawa uliwonse. Ankakhala panjerwa zogumukazo, pafupi ndi miyendo yachitsulo ya makina a mwamuna wake, n'kumaponda chopondera chopanda lamba. Gudumu linkazungulira, osasoka kanthu. Kulira kwa gudumulo kunkandipeza mpaka kuokala kwanga, ndipo ndinayamba kumakumva ngakhale m'minibasi.

Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinapita n'kunjuta pambali pake.

"Mayi, kalata ija ndinalandira ndine."

Phazi lake linaima. "Ndikudziwa, bambo. Amuna anga anandiuza tsiku lomwelo. Ndimafuna munene pagulu."

Pamsonkhano wotsatira ndinaimirira. Apampando anandiyang'ana akumwetulira. Ndinamva mawu anga akufunsa za zinyalala zomwe zinaunjikana pageti, ndipo anthu anaiwotha nkhaniyo mpaka nthawi inatha. Mwezi womwewo ndinatula pansi udindo, n'kusamutsira okala yanga ku Chilobwe.