Dzina la eni pachifuwa pa amayi

Amayi atamwalira, tinapeza kuti chithunzi chawo chooneka bwino chinali chimodzi chokha. Anawajambula a bungwe lina kukampu ya othawa madzi osefukira ku Nsanje, n'kuchiika pa intaneti atadinda dzina la bungwelo pachifuwa pawo.

Ine ndi achimwene tinapita nacho kwa bambo wina wa kompyuta pa boma la Chikwawa kuti achikonze chikhale pa pulogalamu ya maliro. Anati njira zilipo zitatu. Kudula chithunzicho n'kosavuta, koma zilembo zinafika mpaka pakhosi, ndiye pakanatsala mutu wokha. Kuika chigamba ndiko kutenga maluwa a bulauzi imene amayi anavala, a chapambali, n'kumamata pa chilembo chilichonse mpaka agwirizane, ntchito ya ola lathunthu. Yachangu inali kungopachititsa mbuu pamalopo.

"Pangani yachanguyo, galimoto ya bokosi ikudikira," anatero achimwene.

"Padzaoneka, bambo. Diso limathamangira pamene pasiyana ndi ponse," anachenjeza mwini kompyuta.

Ine ndinangolola kuti apange yachanguyo, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu.

Atasindikiza, nkhope inatuluka bwinobwino, makwinya onse kuoneka, koma pachifuwa panali chibanga ngati nsalu yopsa ndi simbi. Kumanda, azakhali anandikokera pambali, chala chili pa bangalo.

"Kodi anali ndi chilonda, inu n'kumatibisira?"

Ndinapendeketsa pepalalo padzuwa n'kuyang'anitsitsa. Maluwa a bulauzi ya amayi anali atasungunukiratu. Dzina la bungwe lija linkawerengekabe.