Zitsekerero za Mabotolo

Titasamuka ku Katete kubwera ku Maramba, mwana wanga wamkazi analowa giredi 2. Bambo ake ankayendetsa galimoto ya alendo ku eyapoti, ndiye ine ndinkaswera ndekha, kumvera anansi akuseka m'Chitonga kuseri kwa mpanda.

Tsiku lina mwanayo anabwera ndi zitsekerero za mabotolo m'pulasitiki. Anati aphunzitsi anawaika m'magulu kuti apeze okha chifukwa chimene 2 wa mu 24 amaposera 4. Anzake ankaunjika zitsekererozo akukangana, iye anangokhala manja ali pamwendo. Mmawa mwake anakana kuvala yunifolomu.

Ine sukulu ndinalekera giredi 4. Kwathu aphunzitsi ankanena, ife n'kubwereza. Ndinamukhazika pakhonde: "Nena, makumi awiri ndi zinayi." Ananena bwinobwino. Nditalemba 42 pamchenga, ananenanso zomwezo. Kusukulu anakanabe.

Ndinapita kukaona aphunzitsi ake, mayi wachikulire wovala magalasi. Ndinaima pansi pa mtengo mpaka makolo ena onse atachoka.

"Ba tichala," ndinatero ndikuyang'ana pansi, "bwanji simuwauza chabe? Mwana wanga akana sukulu."

"Ba mayi, nkhalani apa. Mwaima monga mwabwera ku polisi," anatero akuseka. "Nikabauza chabe, bazaimba monga nyimbo, mailo kukacha baiwala. Bamene bapanga milu aba banayamba chaka chatha kumanga timitengo ten-ten. Bali na poyambira, so bakapeza beka, chinkhala mu mutu."

"Nanga wanga?"

"Wanu ni watsopano, na Chitonga sanachigwire. Nikamusiya mu gulu azangoona banzake. Na ichi chakuti makumi tilemba kumanzere, palibe mwana angachipeze eka, banthu banangogwirizana. Chifunika kumuuza."

Anandipempha kuti ndimubweretse belu lisanalire. Mmawa mwake ndinamubweretsa, ine n'kuonerera pawindo. Anamuonetsa poyera, m'Chinyanja: mulu uwu wa zitsekerero ndi khumi, milu iwiri timalemba 2 mbali iyi, zotsala zinayi mbali iyo. Anachita iwo, anachitira limodzi, kenako anamusiya ayese 31 yekha. Atalakwitsa anamukonza pomwepo. Patapita masiku anamubwezera m'gulu lija, ndi funso loti afufuze okha: pa 24 tikachotsa 7, zinayi zija n'zosakwanira, titani?

Madzulo ake mwana wanga anafika akuthamanga. "Amama, ndine ndinaphwasula mulu umodzi! Palibe anandiuza!"

Anandionetsa pakhonde pomwe paja. Ndinamvetsa tsiku limenelo zimene aphunzitsi athu ankatcha kubwereka pa masamu ochotsera, zomwe ndinkangoloweza.

Masiku ano amadzuka yekha. Ana a m'gulu lake amamuitana pageti m'Chitonga, iye n'kuyankha, ine osamva. Akapita ndimasesa pakhonde, ndipo zitsekerero zomwe wasiya ndimaziika m'chitini pawindo kuti adzazipeze akaweruka.