Chipewa cha m'munda wa mbatatesi

Malume anga anaphunzirako ku mishoni ya ku Lifidzi, ndiye pamene ankalima mbatatesi limodzi ndi bambo anga, kaderno yolembamo za m'munda ankasunga ndi iwo. Khasu ankaliopa ngati njoka, koma pensulo sinkachoka pakhutu.

Chaka china titakumba, tinatengera matumba kwa mzungu mwini kantina, sitolo ya ku Domwe. Iye anayeza, natipatsa kapepala, nati ndalama tidzalandira lole yake ikabwerako ku Tete. Malume analemba tsiku lomwelo kuti ndalama zalowa, nayamba kutenga katundu pangongole m'kantinamo.

Lole inachedwa, nyengo ya msonkho nkufika. Bambo atapempha gawo lawo, malume anatsegula kaderno nkumawerenga monyada zimene amati zachotsedwa: mbewu, makasu awiri, ngolo yobwereka. Zimenezo tinavomereza, poti zinagwiradi ntchito m'munda. Kenaka anatchula chipewa, nsapato ndi vinyo.

"Achimwene, chipewacho chinapalira mzere uti?" anafunsa mayi.

"Wogulitsa mbewu ayenera kuoneka bwino pamaso pa mzungu," anayankha osachita manyazi.

Bambo analibe eskudo ndi imodzi yomwe yoti apereke pa msonkho, ndipo asipayo, apolisi a boma, anawatenga kukagwira chibalo kumsewu. Lole itabwera, mwini kantina anayamba wadula ngongole ya malume, nkutipatsa zotsala zosakwana nkugula mbewu. Mayi anagawa mundawo pakati. Mbali ya malume inamera chisoso chokhachokha, eni ake akuyendayenda m'mudzi atavala chipewa chawo.