Chinanazi cha Palebulo ya Jamu

Mpaka lero ndikamva mawu akuti "wakuba", ndimatembenuka ngati akunena ine. Ndinatchulidwa choncho mu shopu yanga yomwe, pa Boma la Mulanje, anthu atatu akudikira makadi awo a ukwati.

Ntchito yanga ndi yokonza zithunzi ndi zilembo pakompyuta: makadi, zikwangwani, mapepala omata pamabotolo amene timawatchula malebulo. Chaka chimenecho kunabwera gulu la alimi a zinanazi a kufupi ndi ku Mishoni, ambiri mwa iwo amayi. Anali ataphunzira kuphika jamu ndipo ankafuna lebulo. Wapampando wawo anali bambo amene anakhala kapitawo ku esiteti ya tiyi zaka zambiri, ndipo ankalankhulabe ngati aliyense ndi wothyola tiyi wake.

Ndinawapempha bambowo kuti ndipite kumunda ndikajambule zinanazi zawo. Iwo anakana. "Zathu ndi zazing'ono, zakuda ndi dzuwa. Tikufuna chonenepa, chowala, ngati cha m'masitolo a ku Blantyre."

Choncho ndinalowa pa intaneti, pamalo amene ojambula a m'mayiko osiyanasiyana amaikapo zithunzi zawo, n'kupeza chinanazi chodulidwa pakati, madzi ake akudontha. Pamalo otere sugula chithunzicho. Umagula laisensi, chilolezo chochigwiritsa ntchito, ndipo mwini wake amakhalabe yemwe anajambula. Wina aliyense akhoza kugula chilolezo chomwecho mawa lake. Zilembo zokongola zimene ndinalembera dzina la jamu nazonso zinali ndi mwini wake. Zaulere zambiri zimaloledwa pa zinthu zapakhomo zokha, osati pa malonda, motero ndinagula laisensi yamalonda ya pakompyuta yanga. Kaphiri kakang'ono kam'munsi mwa lebulo ndiko ndinajambula ndekha ndi dzanja langa.

Zonsezi ndinazinena, ndipo ndinazilemba papepala. Bambo aja anasaina akuyankha foni, napinda pepalalo n'kuliponya m'thumba la jekete.

Jamu anayenda bwino. Kenaka m'mawa wina, nthawi ya mvula, bambowo analowa ali ndi matope mpaka m'mawondo, n'kumenyetsa botolo la juwisi patebulo langa. Msungichuma wa gulu anali ataligula ku Limbe. Pabotolopo panali chinanazi chomwe chija, ndi dontho lomwe lija.

"Mwagulitsa chinanazi chathu! Tinakulipirani, inu n'kukachigulitsanso kwa a kampani. Mayi inu ndinu wakuba."

"Bambo, khalani pansi ndikufotokozereni."

"Ndikhale pansi? Anthu inu tamverani, musamusiyire zinthu zanu mayi ameneyu."

Mmodzi wa makasitomala aja anatola envelopu yake mwakachetechete n'kutuluka. Ndinawakumbutsa bambowo za pepala lija, iwo n'kunena kuti sanabwerere mapepala. Analamula kuti ndiwakopere pafulashi chithunzicho, zilembozo ndi china chilichonse, chifukwa mlamu wawo wa ku Limbe ndiye azisindikiza tsopano. Ndinati lebulo yomalizidwa, yokonzeka kusindikiza, ndiwapatsa nthawi yomweyo, pakuti ndi imene anandituma. Koma fayilo ya zilembo sindingapereke kwa munthu wina. Mlamuyo akafuna kulembera zilembo zimenezo, agule laisensi yake.

"Mwaonatu! Akukaniza katundu wathu."

Anatuluka akunena za apolisi. Kupolisiko sanapite, koma anachita choposa pamenepo. Tsiku la msika ku Thuchila anayenda ndi botolo lija akulionetsa kwa aliyense. Mchemwali wanga amagulitsa tomato kumeneko. Anandiimbira akulira, akufunsa ngati n'zoona kuti ndabera amayi osauka. Kutchalitchi, anthu amene ndinawakonzera mapulogalamu a maliro a makolo awo ankandipatsa moni wa m'mphuno.

Patatha masabata awiri, mlembi wa gululo, mayi wofatsa amene kale anali mphunzitsi, anandiitanira kumsonkhano wawo. Ndinapita nditanyamula laputopu ndi mapepala a laisensi. Tinakhala m'kalasi ya sukulu ina, amayi pafupifupi makumi awiri atadzipanikiza m'madesiki a ana.

Wapampando analankhula nthawi yaitali. Pamenepo ndi pomwe ndinamva kuti ankafuna kukalembetsa chinanazicho kuboma kuti chikhale chizindikiro cha gulu, wina asachigwirenso. Nditapatsidwa mpata ndinatsegula malo a pa intaneti aja ndi kuzungulitsa laputopu desiki ndi desiki. Chinanazi chinali pomwepo, dzina la wojambula wa kudziko lakutali lili pansi pake, ndi batani logulira chilolezo.

"A kampani ya juwisi anadina apa, ngati mmene ndinadinira ine," ndinatero. "Sanabe, inenso sindinagulitse. Ndipo chithunzichi simungachilembetse ngati chizindikiro chanu. Laisensi imakaniza, chifukwa si chanu nokha. Ndinakuuzani, bambo, ndipo munasaina."

Mlembi anapempha pepala lija. Wapampando anati linatayika. Ndinatulutsa langa, mlembi n'kuliwerenga mokweza, akumasulira mzere ndi mzere, chifukwa ndinali nditalilemba m'Chingerezi. Apo ndiye panali kulakwa kwanga, ndipo ndinakuona pankhope za amayiwo: palibe ndi mmodzi yemwe amene anali atamvapo zimenezi.

Mayi wina wachikulire, wolankhula Chichewa chotsamira ku Chilomwe, anakweza dzanja. "Mwana wanga, ndiye chathu n'chiti pamenepa?"

"Dzina la jamu ndi lanu, amayi. Kaphirika ndi kayalidwe ka lebulo ndinapanga ine, ndipo mwa lamulo ndi zanga mpaka nditakupatsani polemba. Ndikhoza kutero lero. Chinanazi ndi zilembo n'zobwereka."

"Kubwereka chinanazi ife? Minda yonse ija?"

Ndinayang'ana wapampando. Ndinadikira kuti anene yekha. Iye anali kalikiliki kupukuta magalasi.

"Afunseni bambowa chimene anandiyankha nditapempha kudzajambula kumunda kwanu," ndinatero.

Phokoso linabuka. Wina anati zinanazi zimene akuzinyozazo ndi zomwe zili m'botolomo. Wapampando anaimirira n'kunena kuti nkhani zamakompyuta n'zosokoneza, aliyense akhoza kusokonezeka, tipite pa mfundo yotsatira. Kunalibe "pepani". Ndinapachika chikwama paphewa.

"Bambo, munanditchula wakuba pamaso pa anthu, ku Boma ndi ku Thuchila. Mukabwezenso mawuwo komweko."

"Mayi, musakulitse nkhani," anatero.

Ndinatuluka osatsanzika. Mlembi anandipeza pamsewu ndikudikira kabaza, n'kundigwira mkono. Anati amayi akupempha ndiwakonzere lebulo yatsopano. Ndinafuna kukana, ndipo ndinakhala sabata yathunthu osayankha. Pomaliza ndinapita, chifukwa amayiwo sanandilakwire. Ndinajambula zinanazi za m'munda mwa mayi wachikulire uja, n'kupanga chizindikiro ndi dzanja langa, zilembo za dzina n'kuzijambulanso ndekha. Mgwirizano wopereka umwini wa zonsezo kwa gulu ndinaulemba m'Chichewa, n'kuuwerenga pamaso pa onse. Anasaina mlembi ndi msungichuma.

Kasitomala amene anatuluka ndi envelopu yake sanabwererenso. Mphekesera ija inandidyera ntchito miyezi ingapo, ndipo alipo ena ku Thuchila amene amakhulupirirabe. Wapampandoyo ndinakumana naye chaka chatha mu minibasi ya ku Blantyre. Anandipatsa moni mwansangala, n'kundiuza kuti mwana wake akukwatiwa ndipo adzabwera kudzapangitsa makadi. Ndinamuuza kuti pa Boma pali mashopu ena awiri, n'kupempha kondakitala kuti andisinthire mpando.